Kuyankha Munthu Amene Wakutchula Wakuba

Invoyisi inati K565,025. Kotesheni imene mwini galimoto ankayenda nayo m'thumba inati K372,800. Pakati pa mapepala awiriwa panali K192,225, ndipo ndalama imeneyi inabala makalata awiri pa galaja ina ku Limbe mu Novembala 2023. Yoyamba analemba ndi mwini galaja, mtima uli m'mwamba, ndipo sinatumizidwe. Yachiwiri analemba ndi mayi amene amasunga mabuku a pagalajapo. Mayiyu anandionetsa makalata onse awiri, dzina la kasitomala atalibisa, ndipo kalata yakeyo ndimaiwerengera m'gulu la ntchito za manja, pamodzi ndi za mmisiri wa matabwa kapena telala waluso. Ndi yaifupi, ilibe mawu okometsera, koma chiganizo chilichonse chili pamalo pake pa chifukwa chake.

Kasitomalayo ndi bambo wa pikapu, amene amanyamula katundu wa anthu kuchokera ku Limbe kupita m'misika ya ku Thyolo ndi ku Mulanje. Kilatchi inali itatha: akaponda moto pachitunda, injini inkalira koma galimoto osakoka. Lachisanu pa 3 Novembala anamulembera kotesheni. Ndalama analibe tsiku limenelo, choncho galimoto anadzabwera nayo Lolemba pa 13, nalipira dipoziti ya K200,000. M'mutu mwake munatsala K172,800. Lachinayi pa 16 anaona pa foni yake kuti akufunika kulipira K365,025, kuposa kawiri zimene ankayembekeza. Madzulo omwewo analemba kuti: "Ndinu akuba. Tinagwirizana 372, lero mukuti 565. Mwaona ngati ndine wosaphunzira? Mawa ndikupita ku CFTC, ndipo dzina la galaja yanu ndiliika pa Facebook."

Mwini galaja anayamba ntchito yaumakaniko ali mnyamata, ndipo mawu oti wakuba anamulasa. M'mawa mwake analemba izi:

"Bambo, ife si akuba ndipo musatinyoze. Takhala pa ntchito imeneyi zaka zambiri. Monga tinakuuzani kale, galimoto yanu inali ndi mavuto ambiri chifukwa simuisamalira. Dziko lonse likudziwa kuti kwacha yagwa, kaya inu mumakhala kuti. Pitani kulikonse kumene mukufuna, koma galimoto siituluka mpaka mutalipira zonse, ndipo kuyambira Lolemba tiyamba kukulipiritsani malo osungira."

Zambiri m'kalata imeneyi ndi zoona. Sanabe, galimoto inalidi ndi mavuto ena, kwacha inagwadi. Koma muiwerengenso mufunefune nambala. Mulibe. Munthu wafunsa za ndalama, yankho likukamba za mbiri ya galaja ndi za khalidwe la wofunsayo. Yayankha chipongwe n'kusiya funso. Choipitsitsa ndi chiganizo chomaliza, chifukwa ndalama ya malo osungira siinalembedwe pa kotesheni kapena paliponse. Mlandu unali umodzi, kalatayi ikanabala wachiwiri, ndipo wachiwiriwo galaja ikanaluza.

Mayi uja ataiwerenga sanatsutse chilichonse. Anangoti, "Bwana, musatumize kaye. Ndipatseni ola limodzi ndione mapepala." Luso lake lalikulu lili mu ola limeneli, asanalembe ngakhale liwu limodzi. Anayala pa tebulo kotesheni, jobu khadi yothimbirira ndi girisi, tizikalata ta ku sitolo ya m'galaja, malisiti a ku sitolo ya zipangizo, invoyisi, ndi foni ya kapitawo wa amakaniko. Kenako anatenga kotesheni ndi invoyisi n'kumayendetsa chala mzere ndi mzere. Mzere umene unali wofanana pa mapepala onse awiri, monga K90,000 ya ntchito, anaudumpha, chifukwa panalibe mkangano pamenepo. Mzere uliwonse wosiyana anaufunsa mafunso awiri: kodi chinthuchi chinachitikadi, ndipo kodi kasitomala anachidziwa chisanachitike?

Mafunso awiriwa anagawa K192,225 ija m'milu itatu, monga mmene mayi wa pamsika amaunjikira tomato kuti wogula aone chimene akulipira. Mulu wina unali wa zinthu zimene zinachitikadi ndipo kasitomala anavomera. Wina unali wa chinthu chimene chinachitikadi koma kasitomala sanauzidwe. Winanso unali wa chinthu chimene sichinachitike n'komwe. Munthu amene akukangana za ndalama yonse pamodzi amangokhala ndi mayankho awiri, kulipira kapena kukana, ndipo wolemba kalata nayenso amangokhala ndi awiri, kuumirira kapena kugonja. Ndalama ikagawidwa, aliyense amapeza poima. Zonse zimene mayiyu analemba pambuyo pake zinachokera pa kugawa kumeneku.

Kalata yake inayamba motere:

"Bambo, talandira uthenga wanu wa dzulo madzulo wokhudza invoyisi ya pikapu yanu. Mukunena zoona kuti kotesheni ya pa 3 Novembala inali K372,800, pamene invoyisi ya pa 16 Novembala ndi K565,025. Kusiyana kwake ndi K192,225. Taonanso mapepala onse, ndipo tapeza kuti ndalama imeneyi yachokera pa zinthu zitatu. Chimodzi mwa zinthuzo ndi kulakwitsa kwathu."

Ndimakonda kwambiri mawu akuti "mukunena zoona". Sakuvomera kuti galaja inaba. Akuvomera nambala ziwiri zimene bamboyo anatchula, zomwe zinalidi zoona, ndipo akuziika koyambirira kuti bamboyo adziwe kuti uthenga wake unawerengedwa mpaka kumapeto. Munthu wokwiya amawerenga mizere iwiri yoyamba akufunafuna chizindikiro choti akumupeputsa. Akachipeza, zotsalazo saziwerenganso. Apa chimene akupeza ndi nambala zake zomwe, zolembedwa mokwanira kuposa mmene iye anazilembera, ndiponso kusiyana kwake atamuwerengera kale. Onaninso kuti palibe paliponse pamene mayiyu watchula mawu oti akuba. Sanawakane, sanadandaule nawo, sanapemphe kuti bamboyo apepese. Ndinamufunsa chifukwa chake, iye anati, "Chipongwe chilibe lisiti. Ndingachiyankhe ndi chiyani?"

Kenako anaika kulakwitsa kwa galaja patsogolo pa zonse:

"Choyamba, oyilo wa giyabokosi tinamulemba kawiri. Jobu khadi ikuonetsa kuti tinathira kamodzi. Pepani. Tachotsa K23,300, yomwe ndi K20,000 ndi msonkho wake, ndipo pepala lochotsera ndalamayi talimata pa kalata ino."

Chinachitika n'chakuti makaniko analemba oyilo pa jobu khadi, mnyamata wa ku sitolo ya m'galaja analembanso pa kachikalata kake potulutsa chigubu, ndipo wolemba invoyisi anakopera zonse ziwiri. Kulakwitsa kofala m'magalaja ndi m'mashopu momwe katundu amadutsa m'manja awiri. Mayiyu sanafotokoze zonsezi m'kalata, chifukwa kwa kasitomala zikanamveka ngati kudzitchinjiriza, kapena kuponyera mlandu mnyamata wa ku sitolo. Anangoti "tinamulemba kawiri". Akanatha kulemba kuti "oyilo analembedwa kawiri", monga amachitira m'maofesi ambiri, ngati kuti cholemberacho chinayenda chokha usiku. Iye anasankha mawu oonetsa kuti wolakwa ndi galaja. Ndipo "pepani" ali m'kalata yonseyi kamodzi kokha, pomwepa, pamene pali chopepesera chenicheni. Kupepesa m'ndime iliyonse kumaoneka ngati ulemu, koma wowerenga amakumva ngati kuvomera kuti invoyisi yonse ndi yolakwika, ndipo akafika pamene mukumupempha ndalama amadabwa.

Msonkho nawo sanauiwale. Nthawi imeneyo VAT inali 16.5 peresenti, ndiye pa K20,000 panali K3,300 ya msonkho. Ambiri akamabweza ndalama amabweza mtengo wokha, msonkho n'kutsalira pa invoyisi, ndipo kasitomala wodziwa kuwerengera akazindikira, chikhulupiriro chimene chinayamba kumera chimafota pomwepo. Sanafufutenso invoyisi ndi cholembera. Analemba pepala lina lochotsera ndalama, lokhala ndi nambala ya invoyisi ija, kuti mabuku a galaja ndi pepala la kasitomala zizinena chinthu chimodzi ngakhale patapita zaka.

Chifukwa chiyani anayamba ndi mulu waung'ono kwambiri? Chifukwa ndi umene ukupereka mphamvu kwa milu inayo. Munthu amene wakuonetsa yekha pamene wakuchulutsira, pamene iwe sunapaone n'komwe, umamumvetsera akamakuuza pamene sanakuchulutsire. Bamboyo sanadandaule za oyilo. Mwina sakanazindikira mpaka kalekale. Mwini galaja ataona ndimeyi anafunsa kuti, "Mayi, tikudzineneranso tokha?" Mayiyo anayankha kuti, "Bwana, akapita nayo ku CFTC invoyisi iyi, choyamba kuchiona ndi chimenechi. Kuli bwino amve kwa ife."

Mulu wachiwiri ndi umene galaja inali ndi umboni wolimba:

"Chachiwiri ndi silu ya kumbuyo kwa injini ndi kupala fulaiwilo, zonse K93,200 ndi msonkho womwe. Izi sizinali pa kotesheni chifukwa sizioneka giyabokosi isanatsitsidwe. Lachiwiri pa 14 Novembala nthawi ya 10:42 m'mawa, kapitawo wathu anakutumizirani pa WhatsApp zithunzi ziwiri ndi mtengo umenewu, ndipo nthawi ya 11:05 munayankha kuti, 'Pangani basi.' Chithunzi cha mauthengawa tachimata. Silu yakaleyo taisunga, mukhoza kudzaiona."

Kuti mumvetse ubwino wa ndimeyi, muyenera kudziwa pang'ono za ntchitoyo. Kilatchi imakhala pakati pa injini ndi giyabokosi, ndipo kuti muifike muyenera kutsitsa giyabokosi yonse. Mbale ya kilatchi imagwira pa fulaiwilo, chitsulo chozungulira cholemera chimene chimamangidwa kumbuyo kwa injini. Kilatchi ikayendetsedwa nthawi yaitali ikutsetsereka, fulaiwilo imatentha, imachita mawanga abuluu ndi mizere. Mukamanga kilatchi yatsopano pa chitsulo chotere, galimoto imanjenjemera ponyamuka ndipo mbale yatsopanoyo imatha msanga. N'chifukwa chake amaitengera kwa akatswiri a makina kuti akaipale pang'ono, ikhale yosalala. Kuseri kwa fulaiwilo kuli silu yotchinga oyilo wa injini. Ikayamba kudontha, oyilo amafika pa mbale ya kilatchi, n'kuyamba kutsetserekanso. Siluyo payokha si yodula kwenikweni, koma kuti muisinthe tsiku lina muyenera kutsitsanso giyabokosi, kutanthauza kulipiranso K90,000 ya ntchito ija. Makaniko wabwino aliyense akaiona yanyowa amauza mwini galimoto nthawi yomweyo.

Mayiyu zonsezi amazidziwa, wakhala pagalajapo nthawi yokwanira. Koma m'kalata anangosunga chiganizo chimodzi: sizioneka giyabokosi isanatsitsidwe. Ndicho chokha chimene chikuyankha funso limene bamboyo ali nalo, loti bwanji simunandiuze poyamba. Zina zonsezo akhoza kumufotokozera kapitawo ataima pambali pa galimoto, silu ili m'manja. Kalata yodzaza ndi maphunziro a umakaniko kwa munthu amene wafunsa kale ngati mukumuona wosaphunzira ikanangothira mchere pachilonda.

Ndiye yerekezerani "monga tinakuuzani kale" wa mwini galaja ndi zimene mayiyu analemba. Tanthauzo ndi limodzi: munauzidwa. Koma loyambalo likuloza chala pa kuiwala kwa munthuyo, ndipo iye angoyankha kuti simunandiuze, basi mkangano wa eya ndi ayi wayamba. Lachiwirilo likumupatsa tsiku, ola, mphindi ndi mawu ake omwe, zinthu zimene akhoza kutsegula foni yake n'kuziona ali yekha m'nyumba, popanda womuyang'ana. Ichi n'chachifundo kwambiri kuposa mmene chikuonekera. Bamboyo anayankha uthenga uja ali pamsika pakati pa phokoso, ndipo n'kutheka kuti sanaphatikize K93,200 ija ndi ndalama imene inali m'mutu mwake. Kalatayi sikumunena kuti ndi wabodza. Ikumusiyira mpata woti akumbukire yekha, asachite manyazi.

Chithunzi cha mauthengacho anachitenganso mosamala. Chinaonetsa nambala ya foni pamwamba, tsiku, zithunzi za silu ndi fulaiwilo, mtengo, kenako yankho, zonse pa tsamba limodzi. "Pangani basi" akakhala payekha si umboni wa kanthu, chifukwa akhoza kukhala yankho la funso lina lililonse. Mphamvu yake ili pa uthenga umene uli pamwamba pake. Malamulo a dziko lino, kuyambira ndi lamulo la 2016 lokhudza zochitika za pa makompyuta ndi mafoni, amazindikira mauthenga otere, koma ngakhale kunja kwa khoti chithunzi chodulidwa mutu chimabweretsa chikaiko m'malo mochichotsa.

Mulu wachitatu ndi umene unali wovuta, ndipo ndi pamene ndimamuvulira chipewa mayiyu:

"Chachitatu ndi mtengo wa kilatchi. Pa 3 Novembala sitolo ya zipangizo inatipatsa mtengo wa K210,000, ndipo ndi umene tinalemba pa kotesheni. Pa 14 Novembala, tsiku limene tinagula, sitolo yomweyo inatigulitsa pa K275,000. Mapepala onse awiri tawamata. Pa kotesheni panalembedwa kuti igwira ntchito masiku 7, koma tinayenera kukuuzani za mtengo watsopano tisanagule, ndipo sitinakuuzeni. Kusiyanaku ndi K75,725 ndi msonkho womwe."

Amene anali m'dziko muno mwezi umenewo akukumbukira chimene chinachitika pakati pa masiku awiriwa. Pa 9 Novembala 2023 banki yaikulu inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kapena chapompo kufika pa K1,700. Zipangizo za galimoto zimachokera kunja, ndipo mitengo yake inakwera m'masiku ochepa. Mwini galaja anali ndi chifukwa chomveka chotchulira zimenezi. Komabe mayiyu nkhani ya kwacha sanaiike m'kalata ngakhale pang'ono. Poyamba ndinkaona ngati wasiya mfundo yake yaikulu, koma iye anandionetsa kuti mfundo imeneyo masiku amenewo inali pakamwa pa wogulitsa aliyense, woona ndi wachinyengo yemwe. Anthu ankadandaula kuti ena akukweza mitengo ya katundu amene anagula kwacha isanagwe. Kunena kuti kwacha yagwa sikukanasiyanitsa galajayi ndi anthu amenewo. Chimene chikanaisiyanitsa ndi lisiti yokhala ndi tsiku la 14, yosonyeza kuti kilatchiyo sinali pa shelefu ya galaja kuyambira Okotobala, koma inagulidwa pa mtengo watsopano. Za kwacha bamboyo amazidziwa kale, amagula dizilo tsiku lililonse. Chimene sankachidziwa ndi tsiku limene kilatchi yake inagulidwa.

Ndiyeno pali chiganizo chija cha masiku 7. Pa pepala, galaja inali yotetezeka: kotesheni inatha mphamvu pa 10, galimoto inabwera pa 13. Wolemba wina akanaima pomwepo, n'kudula mzere pansi pa mawuwo. Mayiyu anawatchula, chifukwa ndi oona ndipo bamboyo ayenera kuwadziwa, koma m'chiganizo chomwecho ananenanso chimene pepala silikubisa: pa 13 galaja inalandira dipoziti osanena kuti kotesheni yatha, ndipo pa 14 kapitawo anatumiza uthenga wa silu ndi fulaiwilo osatchula kilatchi. Foni yomwe ija imene inateteza galaja pa mulu wachiwiri ndi imene ikuitsutsa pa wachitatu. Amene wasankha kuyankha ndi umboni alibe ufulu wosankha umboni womukomera wokha, chifukwa winayo ali ndi foni yomweyo m'manja mwake, ndipo akhoza kuona kuti uthenga wonena za kilatchi mulibe. Kufatsa kwa kalatayi kukuchokera pamenepa. Wolembayo alibe chimene akubisa, ndiye alibe chifukwa chokwezera mawu.

Anamaliza chonchi:

"Invoyisi yokonzedwa ndi K541,725. Tikachotsa K200,000 imene munalipira pa 13 Novembala, yatsala K341,725. Chifukwa sitinakudziwitseni za kilatchi, mukhoza kulipira K266,000 lero ndi kutenga galimoto, ndipo K75,725 mudzalipire pofika pa 15 Disembala. Ngati pali pepala limene mukuliona mosiyana ndi ife, bwerani nalo tidzalionere limodzi. Ndili pa ofesi kuyambira 8:00 m'mawa mpaka 4:30 madzulo."

K266,000 si nambala yongotola. Ndi K172,800 imene bamboyo ankaiyembekeza kale, kuphatikiza K93,200 imene anavomera pa foni. Ndalama iliyonse imene akupemphedwa kulipira tsiku limenelo ndi imene iye mwini anaivomereza. Yotsalayo, imene ali ndi chifukwa choidandaulira, yapatulidwa ndipo siikutsekereza galimoto. Kwa munthu amene amadyera pikapu, tsiku lililonse limene galimoto yagona m'galaja ndi ndalama yotayika, ndipo gawo lina la mkwiyo wake linali mantha amenewo. Mwini galaja anagwiritsa ntchito manthawo ngati ndodo. Mayiyu anawachotsa panjira.

Ndinene maganizo anga pano. Ndikanakhala mwini galajayo, K75,725 ija ndikanaigawa pakati, chifukwa kusauza munthu kunamulanda mpata wosankha, mwina wofunafuna kilatchi yotsikirapo mtengo kapena wodikira. Mayiyo anapemphadi zimenezi, koma bwana anakana, anati galaja siingasenze mtengo umene siinakweze, ndipo chimene anavomera ndi kudikira mwezi umodzi. Mayiyo analemba chimene anapatsidwa, osaonjezera. Sanalembe kuti "tiona chimene tingachite" kapena "tikambirana", mawu amene amakoma polemba koma kasitomala amawamva ngati lonjezo la kuchotsera. Wolemba makalata otere amayenera kudziwa pamene mphamvu zake zathera, n'kukafunsa kaye asanalembe, chifukwa lonjezo losakwaniritsidwa limabweza mkwiyo woposa woyamba.

Za CFTC ndi Facebook sanayankhe. Bungwe la CFTC lilipo kuti lizimva madandaulo a ogula, ndipo bamboyo ali ndi ufulu wonse wopitako. Kumuletsa kukanakhala kulakwa, kumuuza kuti "pitani" kukanakhala kuputa. Chimene mayiyu anachita ndi kulemba podziwa kuti kalatayi mwina siiwerengedwa ndi munthu mmodzi. Bamboyo akaionetsa mkazi wake, kapena mnzake wodziwa za magalimoto, mwinanso wogwira ntchito ku bungwe lija. Anthu amenewa sanamve mmene nkhani inayambira, angoona pepala. Aliyense wa iwo ayenera kutha kutenga foni, kuwonkhetsa K23,300, K93,200 ndi K75,725, n'kupeza K192,225 ndendende. Mayiyu anawonkhetsa kawiri asanatumize. Nambala imodzi yolakwika m'kalata yofotokoza nambala imagwetsa kalata yonse.

Njirayi ili ndi malire ake, ndipo mayiyo sawabisa. Ikanakhala kuti kapitawo anangoimba foni osalemba uthenga, mulu wachiwiri ukanafooka kwambiri. Foni imaonetsa kuti anthu analankhulana mphindi zitatu, siionetsa chimene anagwirizana. Pamenepo, iye akuti, akanalemba chomwecho: kapitawo wathu akuti anakuimbirani pa 14, foni ikuonetsa kuti munalankhulana, koma mtengo sunalembedwe paliponse. Sakanalemba kuti "munavomera". Ndipo akanamuuza bwana kuti akonzeke kutaya gawo la ndalamayo, chifukwa mawu ofatsa sangalowe m'malo mwa pepala limene palibe. Pali makalata ena amene ndi ofatsa kunja kokha: "talandira dandaulo lanu, tafufuza, ndipo tapeza kuti invoyisi ili bwino." Mulibe chipongwe, koma mulibenso chilichonse chimene wolandirayo angachione ndi maso ake. Kalata yotere imapweteka kuposa yamwano, chifukwa ikuuza munthu kuti akhulupirire anthu omwe akuwakaikirawo. Mmene mungaizindikirire n'zosavuta: funsani pa chiganizo chilichonse ngati pali pepala, tsiku kapena chinthu chogwirika kumbuyo kwake. M'kalata ya mayi uja ziganizo zimene zilibe zimenezi ndi moni, "pepani" mmodzi uja, ndi kuitana kwa kumapeto.

Bamboyo anafika Lachisanu lomwelo dzuwa lili paliwombo, nkhope ili gwa. Sanapepese, ndipo palibe amene anamupempha kutero. Anapempha kuona silu. Kapitawo anaitulutsa m'kapulasitiki, yolimba ngati chikopa chouma, mlomo wake utang'ambika mbali imodzi, ndipo bamboyo anaitembenuza m'manja kwa kanthawi. Kenako anauza mayiyo kuti, "Za kilatchizi, amayi, simunachite bwino." Mayiyo anati, "Zoona, bambo, n'chifukwa chake tazilemba." Analipira K266,000, natenga makiyi.

Sabata yotsatira mayiyo anasintha fomu ya kotesheni ya pagalajapo. Pansi pa mzere wa masiku 7 pali tsopano mzere wina wonena kuti mtengo wa chipangizo ukasintha, galaja idzatumiza uthenga wolembedwa ndi kudikira yankho isanagule, ndipo kapitawo saloledwa kutuma mnyamata ku sitolo yankholo lisanafike.